Ndinaiwala tsiku la ukwati wathu, ndipepese bwanji kwa mayi a kunyumba?

Bambo a Tadala (Glen View), Lamulungu m'mawa
Abale anga mwadzuka bwanji. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha kuti mundithandize moona, musandinyengerere. Lachisanu lapitali, pa 10 Okutobala, ine ndi amake Tadala tinakwanitsa zaka 10 chimangire ukwati woyera. Ine ndinaiwaliratu. Ambiri mukudziwa kuti ndimakhoma masofa ku Area 8 kuno ku Harare, Zimbabwe. Tsikulo ndinafika pakhomo cha m'ma 10 koloko usiku. Ndinapeza patebulo atayala nsalu yoyera yoluka ija imene amaitulutsa pa Khirisimasi pokha. Panali mpunga ndi nkhuku ya chikuda. Iwo anali atavala chitenje chobiriwira chimene anavala pa perekaniperekani mu 2015. Ana kunalibe, anali atawapititsa kwa mng'ono wawo ku Budiriro. Ine ndinasamba m'manja, ndinadya, ndinati "lero mwaphika bwino," n'kukagona. Loweruka ndinalawira 5 koloko. Dzulo madzulo ndi pamene Tadala, wa zaka 8, anandifunsa kuti, "Adadi, keke ya ukwati wanu ija bwanji simunadule?" Ndinakaipeza pamwamba pa firiji, ataivundikira ndi beseni, yosakhudzidwa. Nditawafunsa amake anangoti, "Zilibe kanthu, mumatopa ndi ntchito." Chondiwawa kwambiri n'chakuti chaka chatha ndinalonjeza ndi pakamwa panga kuti pa zaka 10 tidzapita awiriwiri ku nyanja ya Chivero.

Bambo a Tadala (Glen View)
Ndalemba meseji iyi koma sindinatumize. Taionani:
"Amake Tadala, pepani ngati ndakukhumudwitsani. Mukudziwa mmene ntchito yathinira, oda ija inali yoti ituluke Loweruka, magetsinso anabwera mochedwa. Tsikulo linangondidutsa. Komanso mukanandikumbutsa m'mawa. Zonse ndimachitira inu ndi ana. Tiyeni tiiwale, mwezi ukatha ndikugulirani foni."

Mphatso (Kuwadzana)
Achimwene izi n'zosavuta. Lowani mu kalendala ya foni, ikani tsikulo, sankhani kuti lizibwereza chaka ndi chaka, alamu izilira kutatsala sabata. Ine masiku obadwa a abale anga onse ali mmenemo.

Nachisale (Dzivarasekwa)
Mphatso, werenganso bwino. Sakufunsa za chaka cha mawa. Keke ili pa firiji panopa.

Mphatso (Kuwadzana)
Pepani, ndinangowerenga pamwamba pokha.

Aphiri a ku Mbare
Achimwene, mawu ambiri alibe ntchito. Mkazi amaona zochita. Fufutani meseji yonseyo. Lero lomwe pitani ku msika wa Mupedzanhamo kapena m'tauni, mukagule chitenje chabwino, kaya nsapato, mubwere nazo m'manja. Foni ya mwezi ukatha ili kutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndinaiwalapo kawiri, ndinkangobwera ndi kathumba, nkhani n'kutha.

Mayi Nabanda (Mufakose)
Bambo a Tadala, musatumize. Ndakhala ndikulangiza maanja ku mpingo kwathu zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndiyende nayo meseji yanuyi pang'onopang'ono, chifukwa mtima wanu ndi wabwino koma mawu amene mwasankha akukutsutsani.

Choyamba ndi "pepani." M'chilankhulo chathu pepani timamuuza munthu amene wapunthwa pamwala, timamuuza wodwala, timamuuza wofedwa. Amene akunena pepani pamaliro si amene wapha munthuyo. Ndiye pepani payekha savomera kanthu, amangosonyeza kuti mwaona kuti mnzanu akumva kuwawa. Mawu ovomera mlandu ndi akuti "ndalakwa." Mu meseji yanu yonse mawu amenewa mulibe.

Kenako mwaika "ngati." Pepani ngati ndakukhumudwitsani. Kodi mukukayika? Munthu anatumiza ana ku Budiriro, anapha nkhuku, anavala chitenje cha tsiku la ukwati, anakhala kudikira mpaka 10 koloko. "Ngati" ameneyo akumuuza kuti mwina kukhumudwako ndi kwa iye yekha, munthu wina sakanakhumudwa.

Ndiye pali "tsikulo linangondidutsa." Taonani amene akuchita kanthu m'chiganizo chimenecho. Ndi tsiku. Tsiku ndilo layenda, inu munangoima. Chimodzimodzi oda ndi magetsi. Mukawerenga bwino, olakwa mu mesejiyi ndi anayi: oda, magetsi, tsiku, ndi amake Tadala amene sanakukumbutseni. Inu simuli pamndandanda.

Bambo a Tadala (Glen View)
Amayi, zandilasa koma ndi zoona. Funso langa ndi lakuti, za oda zija si bodza. Lole inali yonyamuka Loweruka m'mawa kupita ku Marondera, tikanachedwa kasitomala akanatibweza. Kodi kunena zoona kukhalanso kudziikira kumbuyo?

Mayi Nabanda (Mufakose)
Si bodza, ndipo iwo akudziwa kale. Paja mwati okha ananena kuti "mumatopa ndi ntchito." Chifukwa chanucho anakunenerani kale ndi pakamwa pawo, ndipo chinawapweteka pochinena. Mukachibwerezanso simukuwauza chatsopano, mukungowapempha kuti achotsereko mlandu. Komanso dzifunseni nokha: oda ija inakuchedwetsani kufika pakhomo, inde. Kodi inakuletsani kuimba foni masana mphindi imodzi? Kodi inakutsekani maso mutafika patebulo? Tsiku la lole munalikumbuka bwinobwino sabata yonse. Pamenepo ndi pamene mkazi pamamuwawa, kuti mutu womwewo unasunga Loweruka la kasitomala, n'kutaya Lachisanu lake.

Akadzakufunsani okha kuti kodi chinachitika n'chiyani, yankhani mwachidule, n'kubwereranso pa "komabe sichifukwa chokwanira." Akapanda kufunsa, musaitchule n'komwe odayo.

Agogo Ambewe (Mabvuku)
Ana anga, ine ndinabwera kuno kuchokera ku Ntcheu mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Ndi agogo anu aakazi takhala zaka zoposa 50, tsiku limene tinakwatirana sitinalikondwerereko ndi keke. Zimenezi zabwera ndi inu. Koma sindikunyoza, chifukwa chimene mkazi wachiika pamtima ndi chachikulu ngakhale kwa iwe chioneke chaching'ono. Kwathu mwamuna akalakwira mkazi ankauza ankhoswe, n'kugwira nkhuku, anthu n'kukhala pansi. Mwana wanga, ankhoswe ako ali kuti? Uwaitane. Ndipo nkhani yotere sakambira choimirira pakhomo, kapena uku ukumanga nsapato.

Mayi Nabanda (Mufakose)
Agogo, pa zokhala pansi ndikugwirizana nanu kwathunthu, ndipo za meseji zichoke, ayankhule maso ndi maso. Koma pa ankhoswe ndikupempha kusiyana nanu mwaulemu. Ankhoswe amabwera pamene awiri alephera kumvana, kapena pamene mkazi wakadandaula. Amake Tadala sanadandaule kwa munthu. Ankhoswe akangofika, iwo adzaoneka ngati mkazi amene wasonkhanitsa akuluakulu chifukwa cha keke, ndipo pamaso pa akulu adzakakamizika kunena kuti "ndakhululuka" mtima usanafike. Bala lidzatsekedwa pamwamba mafinya ali m'kati.

Agogo Ambewe (Mabvuku)
Mwina wanena zoona mwana wanga. Komabe ine ndimaona kuti mawu onenedwa popanda mboni amauluka msanga.

Nachisale (Dzivarasekwa)
Ndiloleni ndinene yanga, ngakhale si ya ukwati. Mwana wathu woyamba anatisiya ndi kolera ija ya 2008, tinakamuika ku Mbudzi. Chaka chilichonse tsiku limenelo ine ndi bambo a kunyumba timadzuka m'mawa, kupemphera, kenako kupita kukalambula pamanda. Chaka china iwo anadzuka, anasamba, anandifunsa ngati malaya awo ndasita, n'kupita ku ntchito. Ine ndinakwera kombi ndekha, khasu laling'ono lili m'thumba. Sindinawauze kanthu. Mawa lake madzulo anaona dothi lofiira pa nsapato zanga pakhonde, n'kuzindikira. Anabwera kukhitchini, anakhala pa chigubu cha madzi, anati, "Dzulo linali tsiku la mwana wathu. Ine ndinaiwala. Munapita nokha, munalira nokha, ine ndikufunsa za malaya." Basi. Sanawonjezere. Chimene chinandifika pamtima ndi cha malayacho. Ndinadziwa kuti abwerera m'mbuyo m'maganizo mwawo, aliona tsikulo mmene ine ndinalionera. Akanangoti "pepani ndinaiwala" ndikanayankha kuti zilibe kanthu, ngati mmene ayankhira amake Tadala.

Ndiye bambo a Tadala, tchulani zimene munaziona koma osaziona. Nsalu ya patebulo. Chitenje. Ana ku Budiriro. Ndi mawu anu aja akuti "lero mwaphika bwino."

Bambo a Tadala (Glen View)
Pepani kwambiri achemwali ndi za mwana. Zikomo potiuza. Mawu ajawo ndimafuna ndiwalumphe chifukwa ndikawakumbukira ndikuchita manyazi.

Nachisale (Dzivarasekwa)
Amene akukuchititsani manyaziwo ndi amene iwo akuwamva m'makutu mpaka pano. Musawalumphe.

Amake Chisomo (Chitungwiza)
Ine ndinene zosiyana pang'ono, musandiponye miyala. Ndine mkazi, koma khalidwe lokhala chete n'kumadikira kuti tione ngati akumbuke silimandisangalatsa. Banja si mayeso. Munthu akudzuka 5 koloko, akubwera 10 koloko, fumbi la matabwa lili m'tsitsi. Chinavuta n'chiyani kunena m'mawa kuti "lero mubwere msanga, paja ndi tsiku lathu"? Kwathu ine ndimayamba kulengeza kutatsala mwezi. Sitinayambanepo pa nkhani imeneyi. Bambo a Tadala alakwa, inde, koma mzere uja wakuti "mukanandikumbutsa" suli wopanda nzeru.

Aphiri a ku Mbare
Eyaa, apo mwanena amayi.

Nachisale (Dzivarasekwa)
Amake Chisomo, kwa ena kukumbutsa kumachotsa kukoma konse. Chimene ukufuna si mpunga kapena ulendo, ukufuna kudziwa kuti tsikulo lili mwa iyenso. Ukamukumbutsa ndiye kuti wadziyankha wekha. Komanso lonjezo la Chivero analonjeza ndani? Wolonjeza ndiye wosunga tsiku.

Amake Chisomo (Chitungwiza)
Ndikumva, koma taonani mapeto ake. Wina walira, wina sakugona, keke ikuuma. Mawu ochepa m'mawa akanapulumutsa zonsezi.

Mayi Nabanda (Mufakose)
Nonse awiri muli ndi mfundo, ndipo maanja amasiyana. Pali maanja amene amagwirizana kuti tizikumbutsana, ndipo amakhala bwino. Nkhani imeneyo bambo a Tadala ndi akazi awo angathe kuikamba mwezi wa mawa, mitima itazizira. Chimene ndikukana n'kuilowetsa m'kupepesa. Simungagwade ndi bondo limodzi uku chala chikuloza mnzanu. Akangomva "mukanandikumbutsa," zonse zimene mwanena poyamba zifufutika, ayamba kudziteteza, ndipo mukhala mukukangana za amene anayenera kuyankhula m'mawa.

Amake Chisomo (Chitungwiza)
Pa nthawi yake ndavomera. Pa mfundo yeniyeniyo sindinasinthe.

Che Jafali (Mbare)
Moni nonse. Ine funso langa ndi la chilankhulo. Achimwene, paja munabadwira konkuno, kuntchito ndi Chishona tsiku lonse, mameseji ambiri Chingerezi. Alamu athu anakulira kuti?

Bambo a Tadala (Glen View)
Ku Dedza. Anabwera kuno ali ndi zaka 19. Pakhomo timasakaniza, koma akakwiya kapena akamapemphera ndi Chichewa chokhachokha.

Che Jafali (Mbare)
Ndiye mwadziyankha. Pepesani m'chilankhulo chimene amapempherera. Ife obadwira kuno tili ndi chizolowezi chothawira ku Chingerezi tikafika pa mawu olemera, chifukwa m'Chingerezi satiwotcha pakamwa. Kamawu kachingerezi kopepesera kaja timakanena kakhumi patsiku, mu kombi, pamsika, ukaponda munthu. "Ndalakwa ndine" ndi wolemera kutulutsa, ndipo mkazi wa ku Dedza adziwa kulemera kwake.

Bambo a Tadala (Glen View), Lamulungu masana
Tabwera kutchalitchi. Tinakhala benchi imodzi koma ngati alendo. Ndayesa kukonzanso, osati kuti nditumize, koma kuti ndidziwe zonena madzulo ana akagona:
"Amake Tadala, Lachisanu linali tsiku la ukwati wathu, zaka 10. Ine ndinaiwala. Ndalakwa ndine, palibe chifukwa chimene ndingapereke. Munapititsa ana ku Budiriro, munayala nsalu ija, munavala chitenje cha ukwati wathu, munandidikira mpaka usiku. Ine ndinadya, n'kunena kuti mwaphika bwino, n'kukagona. Ndinalonjeza Chivero, sindinasunge. Ndine munthu wachabechabe, sindikuyenera kukhala ndi mkazi ngati inu. Chonde ndikhululukireni lero lomwe, sindingathe kugonanso chonchi. Sindidzaiwalanso mpaka imfa."

Mayi Nabanda (Mufakose)
Mpaka pa "sindinasunge" musasinthe kanthu, ndi zabwino kwambiri. Zitatu zomalizazo chotsani, ndikuuzeni chifukwa.

"Ndine wachabechabe" akuoneka ngati kudzichepetsa, koma ntchito yake ndi yoti iwo ayambe kukutonthozani. Mkazi wachifundo akamva zimenezo amati "ayi, musatero, ndinu bambo wabwino," ndipo nkhani yatembenuka, wolakwiridwa ndi amene akupukuta misozi ya wolakwa. Ndaziona kambirimbiri. Mukamva misozi ikubwera palibe cholakwika, koma musaisandutse mutu wa nkhani.

"Lero lomwe, sindingathe kugona" ndi kuwapatsa malire a nthawi chifukwa cha tulo tanu. Iwo anagona bwanji Lachisanu? Pemphani chikhululuko kamodzi, muwonjezere kuti simukuwafulumiza.

"Mpaka imfa" ndi lonjezo lina lalikulu lochokera pakamwa pomwe pathyola lonjezo la Chivero. Panopa malonjezo anu atsika mtengo. Lonjezani chaching'ono chimene angachione ndi maso sabata ino.

Mukatha kunena, tsekani pakamwa. Apa ndi pamene abambo ambiri amagwera. Chete akatalika amayamba kudzaza ndi mawu, ndipo mawu odzazirawo ndi aja a oda ndi magetsi.

Aphiri a ku Mbare
Koma amayi, ndiye apite chimanjamanja? Ine izi sindikuzimvetsa. Kwathu wopepesa sabwera manja ali lende.

Mayi Nabanda (Mufakose)
Aphiri, mphatso si yoipa, vuto ndi dongosolo lake. Ikabwera patsogolo pa mawu imakhala ngati chindapusa, munthu walipira ndiye nkhani isatchulidwenso. Mkazi amalandira, amathokoza, chifukwa kukana mphatso ndi mwano, koma zimene amafuna kunena zimatsalira m'mimba. Mwati kwanu nkhani inkatha ndi kathumba. Kodi munawafunsapo amayi a kunyumba ngati inathadi?

Aphiri a ku Mbare
Sindinafunsepo. Sanadandaulepo.

Nachisale (Dzivarasekwa)
Amake Tadala nawonso sanadandaule, anati zilibe kanthu.

Aphiri a ku Mbare
Mwandipatsa choganiza. Komabe ulendo wa Chivero uchitike, ngongole ndi ngongole.

Bambo a Tadala (Glen View)
Nanga akabwerezanso kuti "zilibe kanthu" ndichite bwanji? Ndikuwadziwa, atha kutero n'kuimirira kukatsuka mbale.

Mayi Nabanda (Mufakose)
Musalandire, koma musakangane nawo. Nenani mofatsa kuti, "Zili ndi kanthu, ndipo ndikufuna kumva mmene munamvera, kaya lero kaya tsiku lina." Akaimirira asiyeni apite, musawatsekereze pakhomo kapena kuwagwira mkono. Ndiponso musaganize kuti nkhaniyi ithera kuchipinda, ambiri amalakwitsa pamenepo. Akayamba kutulutsa zakale, za chaka chakuti, za tsiku lija munachedwa kuchipatala, musati "izo zikubweranso bwanji." Kutuluka kwa zakale ndi chizindikiro chabwino, ndiye kuti akhulupirira kuti mukumva. Choopsa ndi ulemu wochuluka, madzi osamba pa nthawi yake, nsima pa nthawi yake, mayankho a mawu amodzi.

Mphatso (Kuwadzana)
Ndiye za kalendala zija asanene n'komwe?

Nachisale (Dzivarasekwa)
Aike mwakachetechete. Ine mwamuna atandiuza kuti "ndaika alamu" ndingamve ngati ndine mankhwala a shuga oyenera kumwa pa nthawi.

Amake Chisomo (Chitungwiza)
Ine ndingasangalale, ndingadziwe kuti wachitapo kanthu. Mwaona kusiyana kwathu.

Bambo a Tadala (Glen View), Lolemba m'mawa
Abale, ndinayankhula nawo usiku. Ana atagona ndinazimitsa wailesi, foni ndinaisiya kuchipinda. Iwo anali pa sofa akupinda zovala, ine ndinakhala pa kampando kakafupi ka Tadala. Ndinanena monga tinakonzera. Pakati lilime linaterereka, ndinayamba kuti "kungoti oda ija," ndinaona nkhope yawo ikutsekeka nthawi yomweyo, ndinaima n'kunena kuti "ayi, oda ilibe mlandu." Nditafika pa "mwaphika bwino" anasiya kupinda, anagwira malaya a sukulu a mwana pachifuwa, misozi n'kuyamba. Ndinakhala chete monga munanenera amayi. Zinali zovuta kuposa kuyankhula.

Kenako anandiuza zinthu zimene sindinkazidziwa. Ndalama ya keke ndi nkhuku anasunga masabata atatu kuchokera pa tomato ndi masamba amene amagulitsa pageti, dola imodzi lero, ina mawa. Chitenje chija anachitulutsa m'sutikesi Lachitatu, anachichapa n'kuchiyanika kuseri kuti ndisachione. Koma chimene chinawapweteka koposa si Lachisanu ayi. Ndi Loweruka, pokatenga ana ku Budiriro. Mng'ono wawo anawalandira akuseka, akufunsa kuti "tatiuzani, alamu anabwera ndi chiyani?" Iwo ananama kuti zinayenda bwino. Anati, "Mwandinamitsa kwa mng'ono wanga kuti ndikubisireni manyazi." Izi sindikanazimva ndikanatumiza meseji ija.

Ndinapempha chikhululuko kamodzi, ndinati sindikuwafulumiza. Anangoti, "Ndamva." Za Chivero anati tisakambe panopa.

Aphiri a ku Mbare
"Ndamva" basi? Achimwene, ndiye sizinathe. Ndinanena ine kuti pafunika kanthu m'manja. Lachitatu pa 15 ndi Tsiku la Anakubala kumudzi ku Malawi, gwiritsani ntchito mpata umenewo, mugule chitenje.

Mayi Nabanda (Mufakose)
Sizinathe, inde, koma "ndamva" ndi woona kuposa "zilibe kanthu" wa Loweruka. Munthu amene wakuuzani za dola imodziimodzi ndi bodza la ku Budiriro watsegula chitseko. Za pa 15 musasakanize. Limenelo ndi tsiku lawo monga mayi wa ana, chitani zimene mumachita chaka chilichonse, ana awapatse kanthu, muimbire amayi ku Dedza. Limene munaiwala ndi tsiku lawo monga mkazi wanu. Mukaphatikiza aona ngati mukulipira ngongole ziwiri ndi ndalama imodzi.

Ndipo Tadala musamuiwale. Mwana anaona keke yosadula, anaona amake maso ofiira. Muuzeni mwachidule kuti adadi anaiwala tsiku lofunika, analakwa, apepesa kwa amami. Asamadzione ngati iye ndi amene anayambitsa mavuto pofunsa.

Bambo a Tadala (Glen View)
Za Tadala ndichita lero. Nanga mlamu wanga wa ku Budiriro? Mtima ukundiuza kuti ndimuimbire, ndimuuze zoona, kuti akazi anga asasenze bodza chifukwa cha ine.

Che Jafali (Mbare)
Ine ndikuona kuti n'zaulemu. Mwamuna avomere yekha pamaso pa abale a mkazi.

Nachisale (Dzivarasekwa)
Ayi, musaimbe musanawafunse. Mukaimba ndiye kuti mwaulula kwa mng'ono wawo kuti achemwali ake ananama. Mufuna kuchotsa manyazi amodzi n'kuwonjezera ena. Bodzalo ndi lawo, analinena pokutetezani, iwo ndi amene asankhe ngati likonzedwe.

Agogo Ambewe (Mabvuku)
Apa ndi pamene ine ndimanena za mboni. Koma funsa mkazi wako poyamba, mwana wanga.

Amake Chisomo (Chitungwiza)
Ine ndikanangozisiya. Mng'onoyo mwina anazindikira kale, akazi timaonana m'maso.

Bambo a Tadala (Glen View), Lachitatu usiku
Ndinawafunsa za mlamu. Anati ndisaimbe, adzamuuza okha akadzafuna. Sabata ino ndikuweruka 5 koloko, ndinauza anzanga ku shedi kuti za usiku andichotsemo mpaka mwezi uthe, ndipo kunyumba sindinalengeze, ndikungofika. Lolemba sananene kanthu. Dzulo nditalowa ndinapeza keke ija ili patebulo, mpeni uli pambali, ana atakhala kale. Inali itauma m'mbali, tinadula pakati. Nsalu yoyera sanayale. Lero m'mawa ndikutuluka anandiitana pageti kuti ndibwere ndi anyezi wa ku Mbare ngati ndidutsire m'tauni, ndipo anati "bambo a Tadala," chichokereni Lachisanu ankangoti "inu." Za Chivero sanayankhebe, ndipo sindinafunsenso.